Kalata kwa makolo anzanga a ku Joni: malikisi a PE pa lipoti la mwana wanu

Makolo anzanga,

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale ya boma kuno ku Joni, ndipo limodzi la maphunziro amene ndimaphunzitsa ndi lija limalembedwa kuti Life Orientation pa lipoti la mwana wanu, ana amangoti LO. Kumayambiriro kwa chaka sukulu imatumiza kapepala kachingerezi konena kuti mwana aliyense azibwera ndi zovala zamasewera tsiku la PE. Kapepalako kamalamula, koma sikafotokoza. Ndiye malipoti akatuluka, Amalawi anzanga mumandipeza kutchalitchi kapena pamaliro n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwana wanga wakhoza masamu, wakhoza sayansi, nanga malikisi agwa chifukwa chokana kuthamanga? Ife tinamutumiza kusukulu kukaphunzira kapena kukasewera?" Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake silingakwane pa kapepala kamodzi.

Tiyambe ndi lamulo lenilenilo, chifukwa ena mumaganiza kuti ndi khalidwe chabe la ahedi a pasukulu ya mwana wanu. M'dziko la South Africa, mwana wofuna satifiketi ya matiriki amatenga maphunziro asanu ndi awiri kuyambira Giredi 10 mpaka Giredi 12. Atatu amasankha yekha. Anayi ndi okakamiza: zilankhulo ziwiri, masamu, ndi LO. Ndondomeko ya maphunziro ya boma yotchedwa CAPS, imene inayamba kugwira ntchito mu Giredi 10 m'chaka cha 2012 n'kufika mu Giredi 12 mu 2014, imapatsa LO maola awiri pasabata. Ola limodzi ndi la m'kalasi, kumene timakambirana za ntchito zam'tsogolo, ufulu ndi udindo wa nzika, kaphunziridwe ndi umoyo. Ola linalo ndi la pabwalo, ndipo ndondomekoyo imanena poyera kuti ola limeneli likhale la PE. Mwana sangalisiye phunziroli ngati mmene angasiyire jogalafe n'kutenga mbiri yakale, ndipo mphunzitsi alibe chilolezo cholisandutsa ola lowerenga.

Ambirife tinakulira kumudzi kuja, ndipo PE imene timaikumbukira sinali yopatsa ulemu. Achikulire amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu amakumbukira apayoniya, amene ankatumizidwa m'masukulu kukaphunzitsa perete ndi masewera olimbitsa thupi, mpaka gulu lawo linathetsedwa mu Disembala 1993. Kwa ena PE imeneyo sinkasiyana kwenikweni ndi chibalo. Ife obwera pambuyo tinaipeza itangotsala dzina pa ndandanda ya maphunziro. Ikakwana nthawi yake, mphunzitsi wa masamu ankalowa n'kunena kuti silabasi yatsalira, kapena tinkapatsidwa zikwakwa kukatchetcha bwalo. Palibe ankadandaula, chifukwa pa mayeso a Fomu 4 sitinkalemba za PE. Ndiye n'zosadabwitsa kuti kholo limene linakula chonchi likaona malikisi a PE pa lipoti limaona ngati sukulu ikuseweretsa tsogolo la mwana.

Koma taganizani mmene thupi lathu linkagwirira ntchito masiku amenewo. Tinkayenda wapansi kupita kusukulu, ena mtunda wautali. Tikaweruka kunali kutunga madzi, kusinja, kukalima, kuthamangitsa mbuzi, ndipo madzulo kunali fulaye, jingo, chipako ndi mpira wachikulunga mpaka mdima. Sukulu ikanyalanyaza PE, moyo weniweniwo unkatseka mpatawo. Tsopano onani tsiku la mwana wanu kuno. Amakwera minibasi pageti la nyumba, amatsika pageti la sukulu, amakhala pampando mpaka kuweruka, amakweranso minibasi. Akafika mumamuuza kuti asatuluke, ndipo mukulondola, chifukwa misewu ina ya kuno si yoti mwana wamkazi aziyendayenda madzulo. Ambiri mumakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni, kapena m'mafulati a m'tauni opanda bwalo. Mwanayo amatsuka mbale, inde, amasesa, koma mtima wake sunagunde mwamphamvu ngakhale kamodzi tsiku lonse. Kwa ana ambiri amene ndimaphunzitsa, ola la PE ndi nthawi yokhayo pasabata imene amatuluka thukuta.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogwedeza thupi mokwanira kwa mphindi 60 patsiku, ndipo masiku osachepera atatu pasabata pazikhala masewera amphamvu ndiponso olimbitsa minofu ndi mafupa. "Mokwanira" ameneyu ali ndi muyeso wake umene mungauyese kunyumba osagula chilichonse. Ngati mwana akuyenda n'kumatha kuimba nyimbo, thupi silinayambe kugwira ntchito. Ngati akutha kulankhula koma sangaimbe, wafika pamlingo wapakati, umene ukuwerengedwa. Ngati akungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, ali pamlingo wamphamvu. Kutsuka mbale kumagwera m'gulu loyamba lija.

Mu 2019 ofufuza a bungwe lomweli anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana asukulu okwana 1.6 miliyoni a zaka 11 mpaka 17 m'mayiko 146. Anapeza kuti ana 81 pa 100 aliwonse sankafika pa mphindi 60 zija. Kwa anyamata chiwerengero chinali 78, kwa atsikana 85. Kusiyana kwa anyamata ndi atsikanaku ndi kumene kumandichititsa kuikira kumbuyo mawu akuti "chokakamiza", ngakhale ndikudziwa kuti sakoma m'khutu. PE itakhala yosankha, amene angabwere pabwalo ndi anyamata ampira aja, amene kale amasewera Loweruka lililonse ndipo safunikira thandizo langa. Amene angatsale m'kalasi ndi mtsikana wa zaka 15 amene thupi lake lasintha ndipo akuchita manyazi kuthamanga anyamata akuona, mwana wonenepa amene anzake amamuseka, ndi mwana wa mphumu amene mayi ake anamuuza kuti asamathamange. Ofunikira kwambiri olali ndi omwewo amene angayambe kulithawa. Kukakamiza kumachotsanso manyazi ena: aliyense akakhala pabwalo, palibe amene akuoneka ngati wadzionetsera.

Pali chifukwa china chimene sichingadikire kuti mwana amalize sukulu kaye, ndicho mafupa. Fupa ndi chinthu chamoyo, limakula molingana ndi katundu amene likusenza. Mwana akadumpha, akathamanga n'kukhota mwadzidzidzi, minofu imakoka fupa ndipo kugunda kwa phazi pansi kumalipinda pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso. Thupi limayankha poikapo fupa lina pamalo pamene pakulemedwapo. Ntchito imeneyi imayenda mwachangu kwambiri pa nthawi imene mwana akukula msinkhu. Ofufuza a ku Saskatchewan m'dziko la Canada, amene anatsatira ana omwewo kwa zaka zingapo, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a fupa lonse limene munthu adzakhale nalo atakula limamangidwa m'zaka ziwiri zokha za nthawi imeneyi, atsikana ali ndi zaka 12 kapena 13, anyamata cha m'ma 14. Zili ngati kuumba njerwa m'chilimwe: mvula ikayamba, umamanga ndi zimene unaumba. Munthu wa zaka 40 akhoza kuyamba kuthamanga n'kuthandiza mtima wake, koma mafupa sangawawonjezere ngati mmene akanachitira ali mu Giredi 8. N'chifukwa chake mwana wanu amabwera n'kukuuzani kuti lero tinangodumpha chingwe, inu n'kumaona ngati mphunzitsi analibe chophunzitsa.

Za kunenepa sindinena zambiri, mumaziona nokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2016 anapeza kuti amayi 68 pa 100 aliwonse m'dziko lino anali onenepa mopyola muyeso woyenera, abambo 31. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi tikuzidziwa m'mabanja mwathu. Sindikunamizani kuti ola limodzi pasabata lingachotse zimenezi. Mphindi 60 tsiku lililonse ndi mphindi 420 pasabata, ndipo ine ndili ndi 60 zokha, zimene zina zimathera posintha zovala ndi poyenda kupita kubwalo. Cholinga cha olali ndi kuphunzitsa mwana zimene angachite yekha masiku asanu ndi limodzi otsalawo: kutenthetsa thupi asanayambe, kupeza mtsempha pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa masekondi 15 kenako n'kuchulukitsa kanayi, kudziwa kusiyana kwa ululu wa minofu yotopa ndi ululu wa chinthu chimene chavulala, kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono m'malo mofuna kumaliza zonse tsiku limodzi. Zimenezi ndi nzeru zophunzitsidwa, mwana sabadwa nazo.

Tsopano tifike pamene pali mkangano weniweni. Ambiri mumavomereza kuti ana azisewera, chimene mumakana ndi malikisi. Yankho langa loyamba si lokongola, koma ndi loona: pasukulu, ola lopanda malikisi limabedwa. Ndaliona likubedwa kwathu, monga ndanena kale. Kunonso linabedwapo. Boma litabweretsa ndondomeko yatsopano ya maphunziro kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, PE inasiya kukhala phunziro loima palokha n'kulowetsedwa mu LO ngati kagawo chabe, ndipo m'masukulu ambiri a m'makomboni ndi a kumidzi inangozimirira. Mphunzitsi aliyense ali ndi silabasi imene ikumuthamangitsa, ahedi amaweruzidwa ndi zotsatira za matiriki, ndipo ola limene palibe amene adzafunse za ilo ndi loyamba kuperekedwa nsembe. Malikisi amachititsa kuti pakhale kaundula, kaundulayo aonedwe ndi mkulu wa phunziro pasukulu, kenako ndi alangizi ochokera kuofesi ya maphunziro. Mwana nayenso amadziwa kuwerenga: chimene chilibe malikisi amachiika kumapeto.

Yankho lachiwiri ndi lakuti malikisiwa sayesa chimene inu mukuganiza. Mantha a makolo ambiri ndi akuti mwana wawo, amene sanabadwe ndi liwiro, akupikisana ndi akatswiri ampira. Tiyeni tione mmene amawerengedwera.

Monga CAPS inalembedwera, LO ya Giredi 10 mpaka 12 ili ndi malikisi 400 pachaka. Mwa amenewa, 320 ndi a zolemba: mayeso, ntchito ya kafukufuku ndi zina. Otsalawo, 80, ndi a pabwalo, ndipo pa mapepala a sukulu amalembedwa kuti PET. Mu Giredi 10 ndi 11 amagawidwa 20 pa teremu iliyonse. Boma limasintha kagawidweka apa ndi apo, makamaka chiyambire nthawi ya Covid-19, choncho pepala la ndondomeko ya mayeso limene sukulu imapereka kumayambiriro kwa chaka muzilisunga. Koma maziko ake ndi awa. Pa malikisi 20 a teremu, 10 ndi a kutenga nawo mbali basi. Ndimakhala ndi kaundula, ndipo tsiku lililonse la PE ndimachonga mwana amene wachita nawo, ndimalemba chilembo cha a kwa amene sanabwere kusukulu, ndi x kwa amene wabwera koma wakhala pansi. Pakutha pa teremu ndimatenga masiku amene wachita nawo, kugawa ndi masiku onse a PE, n'kusandutsa malikisi a pa 10. Malikisi 10 enawo ndi a kachitidwe ka thupi. Mwana aliyense ndimamuyang'anitsitsa kawiri pa teremu, ulendo uliwonse malikisi 5. Sindigwira wotchi kuti ndione woyamba kufika. Ndimaona ngati akuchita molondola chimene taphunzira: potera akadumpha akupinda mawondo kapena akutera miyendo ili chiwongolere, poponya mpira akuponda ndi mwendo woyenera, pamasewera a gulu akudziwa kupeza malo opanda munthu, akutsata malamulo a chitetezo.

Titenge ana awiri a Giredi 10 pa teremu ya masiku khumi a PE. Woyamba ndi mtsikana wofatsa, wokonda mabuku, amene sanaseweretu m'timu iliyonse. Wabwera ndi zovala zake masiku onse khumi ndipo wachita nawo. Pamenepo ali ndi 10. Nditamuyang'ana koyamba anali akusokoneza mapazi, ndinamupatsa 2. Ulendo wachiwiri anali atagwira, ndinamupatsa 4. Onse pamodzi ndi 16 pa 20. Wachiwiri ndi mnyamata amene amasewera mpira m'timu ya m'dera, thupi lake ndi lomvera, ndipo maulendo onse awiri wapeza 5. Koma amaona PE ngati ya ana, ndiye masiku asanu ndi limodzi wakhala pamthunzi ndi foni. Wachita nawo masiku anayi, malikisi 4. Onse pamodzi ndi 14. Mtsikana wosadziwa mpira uja wamuposa, ndipo ndondomekoyi inakonzedwa dala kuti zizitero. Kumagiredi a m'munsi, 8 ndi 9, kutenga nawo mbali kumalemera koposa apa: pa malikisi 30 a teremu, 20 ndi a kuchita nawo.

Tsopano tione chimene chimachitika pachaka chonse mwana akalimbikitsidwa kunyumba kuti zamasewerazo azisiye. Tinene kuti mtsikana yemwe uja amakhoza bwino zolemba, wapeza 240 pa 320. Akamapeza 16 teremu iliyonse pabwalo, ndiye kuti ali ndi 64, onse pamodzi 304 pa 400, imene ndi 76 peresenti. Pa muyeso wa masitepe asanu ndi awiri umene uli pa lipoti, ameneyo ali pa 6. Akakhala pansi chaka chonse, amatsala ndi 240 pa 400, imene ndi 60 peresenti, sitepe 5, ndipo ali m'mphepete mwenimweni moti akataya malikisi ochepa chabe agwera pa 4. Mutu wake ndi womwewo, mayeso walemba chimodzimodzi.

Ena mwamva kuti LO sawerengera kuyunivesite. Pali choonadi pamenepo ndipo sindikubisirani. Yunivesite ya Pretoria ndi ya Johannesburg saiphatikiza powerengera mapointi olowera. Ya Wits imaiphatikiza koma moichepetsa: imayamba kupereka pointi imodzi pa 60 peresenti, ziwiri pa 70, zitatu pa 80, zinayi pa 90. Mtsikana wathu uja, ndi 76 ali ndi mapointi awiri, ndi 60 ali ndi imodzi, akatsikako pang'ono alibe. Amene munaonapo mwana akukanidwa malo chifukwa chopereweredwa pointi imodzi mukudziwa kuti si nkhani yaing'ono. Komanso giredi ya LO imalembedwa pa satifiketi pamodzi ndi zinazo, ndipo aliyense wopereka thandizo la fizi kapena ntchito amaiona.

Nkhani ya matenda ndi imene imabweretsa kusamvana kwambiri, ndiye ndiimepo pang'ono. Ndondomeko imati mwana amene amachita nawo nthawi zonse akabwera asalangidwe chifukwa cha tsiku limene wajomba, koma amene amachita mwa apo ndi apo ngakhale alipo, kujomba kwake kuwerengedwe. Tanthauzo lake ndi lakuti chilembo cha x n'choopsa kuposa cha a. Mwana wanu akadwala chimfine sabata ziwiri, masiku ena onse n'kuchita nawo, ndimawerengera masiku amene analipo ndipo sataya kanthu. Chimene chimadya malikisi ndi "ndaiwala kabudula" wa sabata ndi sabata. Mwana akavulala kapena akakhala ndi matenda okhalitsa, tumizani kalata ya kuchipatala, ndipo pemphani adokotala kapena anesi alembe chimene mwanayo sayenera kuchita ndi nthawi yake. Kalata yongoti asachite PE imandimanga manja. Yonena kuti asathamange kapena kudumpha kwa masabata asanu ndi limodzi chifukwa cha bondo imandilola kumupatsa zolimbitsa manja ndi msana, kapena kumuika kukhala woimbira masewero, ndipo malikisi ake amapitirira. Mwana wolumala nayenso sachotsedwa, masewerawo ndi amene amasinthidwa kuti amuyenere.

Mphumu ndiyo imaopsa makolo koposa. N'zoona kuti kuthamanga kumatha kuyambitsa kubanika, makamaka kuno kumene mpweya wa mu Juni ndi Julayi ndi wozizira komanso wouma. Mwana akamapuma mofulumira ndi pakamwa, njira za mpweya zimauma n'kufinyika. Koma mankhwala ake si kukhala pansi. Mwana wa mphumu amene sagwedeza thupi amafooka, ndipo akafooka amabanika msanga ndi kantchito kakang'ono, kenako aliyense amati mwaona, sangathe. Chofunika ndi kuti abwere pabwalo ndi kopopera kake m'thumba, osati kukasiya m'chikwama m'kalasi yokhoma. Ambiri amalangizidwa kuchipatala kupopera mphindi 10 kapena 15 asanayambe, ndipo kutenthetsa thupi pang'onopang'ono kumathandiza kwambiri. Ine ndikamva mwana akulira m'chifuwa, akutsokomola mosalekeza kapena akulephera kumaliza chiganizo, ndimamuimitsa pomwepo. Mwana wa mphumu amene akubanika pa PE iliyonse ngakhale wapopera, chimenecho ndi chizindikiro chakuti mphumuyo sikugonja ndi mankhwala amene akulandira, ndipo ayenera kubwerera kuchipatala. Zimene sindiseweretsa n'komwe ndi izi: kupweteka pachifuwa pothamanga, kukomoka ali mkati mothamanga, kapena ngati m'banja mwanu munamwalirapo wachinyamata mwadzidzidzi ndi vuto la mtima. Zoterezi mundiuze chaka chisanayambe, ndipo mwanayo aonedwe ndi dokotala asanabwere pabwalo.

Kwa inu amayi, nkhani ya kumwezi. Kusamba pakokha si matenda, ndipo kwa atsikana ambiri kuyenda ndi kudziwongola kumachepetsa kupweteka kwa m'mimba. Koma ndikudziwanso kuti chimene chimamukhazika pansi mtsikana nthawi zambiri si ululu, ndi mantha akuti adetsa zovala anyamata akuona, kapena alibe zodzitetezera zokwanira. Safunika kundifotokozera ine mwamuna. Pasukulu iliyonse pali aphunzitsi aakazi amene angawauze, kapena kakalata kanu kongoti lero achite zopepuka n'kokwanira, sindifunsa zambiri. Mtsikana amene ululu wake umamugoneka mwezi uliwonse, kapena amataya magazi ambiri n'kumachita chizungulire akathamanga pang'ono, apite kuchipatala akamuyeze magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kumabisala kumbuyo kwa mawu akuti "ndi waulesi". Za kavalidwe, amene chipembedzo kapena mwambo wanu sulola kabudula, lankhulani ndi sukulu. Thalauza lotakasuka lamasewera, siketi pamwamba pake, mpango wakumutu womangidwa bwino, zonsezi zimatheka. Chimene ndimakana ndi nsapato zoterera ndi ndolo zolendewera, chifukwa zimavulaza. Nsapato zodula za dzina sizipatsa malikisi.

Ndikanakhala wosalungama ndikanangoyamikira ndondomekoyi osanena pamene imalephera. Malikisi a LO amaperekedwa pasukulu pomwepo, ndipo a pabwalo ndi osavuta kupeka. Aphunzitsi ambiri amene amapatsidwa LO sanaphunzire za PE, anapatsidwa chifukwa ndandanda yawo inali ndi mpata. Masukulu ena alibe bwalo, ena kalasi imodzi ili ndi ana opitirira 50. Zotsatira zake, pali malo kumene mphunzitsi amaponya mpira umodzi kwa anyamata, atsikana n'kukhala pakhonde, ndipo pakutha pa teremu aliyense amalandira 18. Zimenezi n'zimene zimachititsa mayunivesite ena kusakhulupirira giredi ya LO, ndipo sindingawadzudzule. Choipa china ndi mphunzitsi amene amagwiritsa ntchito kuthamanga ngati chilango, kapena woyeza ana kulemera pamaso pa anzawo. Mwana wochitidwa zotere amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kudana ndi bwalo.

Mungadziwe bwanji kuti PE ya mwana wanu ndi yeniyeni? Mufunseni chimene akuphunzira teremu ino. Ndondomeko imazungulira mbali zitatu: kulimbitsa thupi, masewera a magulu, ndi zosangalatsa zogwedeza thupi monga magule, kudziteteza, kapena kupeza njira pogwiritsa ntchito mapu. Pa masewera a magulu palinso achikhalidwe cha kuno, monga dibeke, wothawa mpira amene angakukumbutseni fulaye, ndi kgati, wodumpha chingwe. Mwana akamayankha kuti "timangosewera mpira" kuyambira Januwale mpaka Novembala, pali vuto. Muoneni ngati zovala zake zamasewera zimabwera zofunika kuchapa. Mufunseni ngati amadziwa tsiku limene mphunzitsi anamuyang'ana ndi chimene anauzidwa kuti akonze. Malikisi akakudabwitsani, kaya achepa kaya achuluka mokayikitsa, muli ndi ufulu wopita kusukulu n'kupempha kuona kaundula. Muwerenge nokha zochonga, ma a ndi ma x, muchite samu ija ya masiku, kenako mufunse malikisi awiri a pa 5 aja ndi masiku amene anaperekedwa. Mphunzitsi amene akugwira ntchito yake amatulutsa pepalalo mosavuta. Mukapeza ma x ambiri pamene inu mumadziwa kuti mwana amachoka kunyumba ndi zovala zake m'chikwama, nkhaniyo si ya ulesi nthawi zonse. Kawirikawiri pamakhala wina amene akumuseka, kapena malo osinthira zovala alibe chitseko, ndipo zimenezo mwana sanganene pamaso pa mphunzitsi. Mukamufunse muli awiri kunyumba, kenako mudzatiuze.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa LO